Zithunzi ndi ndemanga za makasitomala: kapemphedwe kake ndi kagwiritsidwe ntchito koyenera

Atelala anzanga amandifunsa funso limodzimodzi, pa foni ngakhalenso tikakumana kogula nsalu: "Mumatani kuti makasitomala azikutumizirani zithunzi atavala zimene mwawasokera? Ife timapempha koma sizibwera." Ena amafunsanso kuti, "Nanga akatumiza, si basi ndingoika pa Status?" Ndaganiza zolemba yankho kamodzi kuti aliyense aziwerenga yekha. Ndikamba za ntchito yosoka poti ndi imene ndimaidziwa, koma oluka tsitsi ndi ophika makeke aona kuti zambiri zikuwakhudza.

Diresi ikakhala pa hang'ala sioneka mmene imagwirira m'chiuno ngakhale mmene imagwera munthu akamayenda. Ofuna kusoketsa amakhulupirira kwambiri akaona mayi weniweni, wa thupi ngati lawo, ataivala pa mwambo weniweni. N'chifukwa chake tonse timazifuna zithunzizi. Koma pa chithunzipo pali nkhope ya munthu amene ali ndi banja, mpingo ndi kuntchito kwake, ndipo apa m'pamene ambiri timalakwitsa.

1. Yambani nkhaniyi pa tsiku lodzatenga chovala

Musadikire kuti mwambo uchitike kenako n'kutulukira ndi pempho. Kasitomala akayeza komaliza, wadziona pa galasi ndipo wakhutira, muuzeni pamaso kuti, "Mayi, mukakavala Loweruka mudzandionetseko chithunzi, ndione mmene yakukhalirani." Pamenepo simunapemphe zotsatsa malonda ayi, mwangotsegula njira. Ngati sanakhutire, mwina mkono ukumuthina kapena zipi ikukwinya nsalu, za chithunzi zisiyeni kaye. Konzani chovalacho.

Tsiku lomwelo jambulani chovalacho chili chokha, pa hang'ala kapena pa chidole choyezera, kutsogolo ndi kumbuyo, pafupi ndi windo pomwe pali kuwala. Chithunzi chimenechi mulibe munthu, ndiye kasitomala akadzakana kuti nkhope yake ioneke, muli nacho kale choonetsa. Chenjezo ndi limodzi. Chovala cha ukwati kapena cha chinkhoswe musachiike poyera mwambo usanachitike. Mkwatibwi amafuna anthu akachione koyamba iye atavala, ndipo telala amene amaulutsa sitayilo tsikulo lisanafike sabwereredwa.

2. Pemphani pa nthawi yake, ndipo funsani funso loyankhika

Pa tsiku la mwambo munthu amakhala wotanganidwa, pomwe pakatha sabata chimwemwe chimakhala chitazilala. Nthawi yabwino ndi tsiku lotsatira kapena linzake. Mwambo ukakhala Loweruka, lembani Lolemba m'mawa. Uthenga ukhale waufupi, ngati uwu:

"Mwadzuka bwanji mayi? Ndikhulupirira mwambo unayenda bwino. Diresi ija inakukhalani bwanji, makamaka m'mapewa muja tinabweza? Ngati pali chithunzi, ndingakondwe kuchiona."

Funsoli latchula malo enieni a chovala, ndipo ndachita dala. Mukafunsa kuti "Zinali bwanji?", yankho limakhala "Zinali bwino, zikomo", lomwe silithandiza wina aliyense wofuna kusoketsa. Mukafunsa za mapewa, za utali, kapena ngati anavina momasuka pa perekaniperekani, munthu amafotokoza: "Ndinavina tsiku lonse osathina, anthu amangofunsa kuti wasoka ndani." Ndemanga yotere ndi imene imabweretsa oda. Amene mumagwiritsa ntchito WhatsApp Business mukhoza kusunga uthengawu mu Quick replies kuti musamaulembe mobwerezabwereza, koma muzisintha gawo lotchula chovala kuti ligwirizane ndi munthuyo.

Akapanda kuyankha, kumbutsani kamodzi patatha masiku atatu kapena anayi, basi. Mwina alibe bandulo, mwina zithunzi zili mu foni ya mnzake, mwinanso sakufuna koma akuchita manyazi kukana. Kukumbutsa kachitatu n'kumuumiriza. Za kaonekedwe ka chithunzi, WhatsApp imachepetsa kuthwa kwa zithunzi potumiza, choncho mpempheni adine HD asanatumize, ngati bandulo yake ikulola.

3. Thokozani, koma musagule mawu abwino

Kuthokoza munthu amene wataya nthawi ndi bandulo yake n'koyenera. Kachikwama kosokedwa ndi nsalu yotsala, kaduku, kapena kuchotserako pang'ono pa oda yotsatira, zonsezi n'zabwino. Chofunika n'chakuti mphatsoyo ikhale ya chithunzi kapena ya ndemanga iliyonse yoona, yabwino ngakhale yodandaula. Mukanena kuti "mukandiyamikira ndikuchotserani", mwagula umboni, ndipo amene adzawerenge anamizidwa. Ngati munthu analandira kanthu, nenani poika chithunzicho kuti munamuthokoza ndi mphatso.

Amene bizinesi yanu imaoneka pa Google Maps dziwani kuti malamulo a Google salola kupereka ndalama, mphatso kapena kuchotsera mtengo posinthana ndi ndemanga, ndipo ndemanga zotere zikhoza kufufutidwa. Kumeneko ingopemphani, osalonjeza kanthu. Musauzenso achibale amene sanasoketsepo kuti alembe ngati makasitomala. Kutsatsa malonda mosocheretsa ogula ndi imodzi mwa nkhani zimene bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo ake.

4. Pemphani chilolezo padera, ndipo chitchule malo

Ili ndiye gawo limene ambiri amalidumpha. Kasitomala akakutumizirani chithunzi n'kulemba kuti "Taonani mmene ndinatchenera", wakuonetsani inuyo, telala wake. Sanakuuzeni kuti muonetse anthu onse amene ali mu foni yanu. Ngakhale ataika yekha pa Facebook n'kutchula dzina la shopu yanu, waonetsa anzake pa tsamba lake, pomwe iye mwini akhoza kuchotsa tsiku lililonse. Mukachikopera n'kuika pa tsamba lanu, mphamvu yochotsayo mwamulanda.

Zifukwa zokanira n'zambiri ndipo si zonse zimene angakuuzeni. Wina anapempha tchuthi kuntchito ponena kuti akudwala, chonsecho anapita ku ukwati. Wina ali woyembekezera ndipo sanauze abale. Wina anathawa banja la nkhanza ndipo sakufuna kuti mwamuna uja adziwe dera limene akukhala. Wina ndi wa mpingo umene suvomereza kavalidwe kameneko. Inu simungazidziwe izi poyang'ana chithunzi, n'chifukwa chake mwini wake ndiye ayenera kusankha.

Malamulo nawonso ali kumbali yake. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga za moyo wake mwachinsinsi. Mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Chithunzi chimene munthu akuzindikirika, dzina lake ndi nambala yake ya foni zili m'gulu la uthenga umenewu, ndipo amene wapereka chilolezo ali ndi ufulu wochibweza.

Chilolezo chenicheni chiyankhe mafunso anayi: chithunzi chiti, chiikidwa kuti, nkhope ndi dzina zioneka kapena ayi, ndipo akasintha maganizo atani. Lembani poyankha pa chithunzi chenichenicho, kuti pasadzakhale kukangana kuti ankanena chiti:

"Mayi, chithunzi ichi chakongola kwambiri. Kodi mungandilole kuchiika pa Status yanga ya WhatsApp ndi pa tsamba la shopu la Facebook? Ndikhoza kuika nkhope ikuoneka, kapena kudula kuti chioneke chovala chokha, musankhe ndinu. Dzina lanu sinditchula pokhapokha mutafuna. Mukakana palibe vuto ngakhale pang'ono, ndipo mukadzasintha maganizo mudzangondiuza, ndidzachotsa."

Malo aja atchuleni limodzilimodzi chifukwa ndi osiyana kwambiri. Status imatha pa maola 24 ndipo imaonedwa ndi anthu amene munasungirana nawo nambala. Tsamba la Facebook limaonedwa ndi aliyense, ndipo chithunzi chimakhalapo zaka. Kudina Boost post, kumene ndi kulipira Facebook kuti ionetse chithunzicho kwa anthu ambiri osakudziwani, ndi chinthu chinanso. Chikwangwani cha pa shopu, kalendala kapena timapepala togawa ndiye zoposa zonse, poti zikasindikizidwa sizibwezeka. Munthu amene anavomera Status sanavomere kuti nkhope yake ikhale pa chikwangwani m'mbali mwa msewu. Mukafuna malo atsopano, bwererani mukapemphenso.

Yankho liyenera kukhala lomveka. "Eya, ikani" kapena "Ikani koma mudule nkhope" ndi chilolezo. Kukhala chete si chilolezo, ngakhale uthenga wanu utaonetsa kuti wawerengedwa. Kachizindikiro koseka kokha, kapena mawu akuti "Aaa inunso", sizikukwana, funsaninso mwaulemu kuti, "Ndiye ndiike kapena ndisiye?" Akati "Ndifunse kaye bambo akunyumba", dikirani ndipo musakumbutse kawiri. Chithunzi chikabwera ngati View once, chotseguka kamodzi kokha, mwini wake wanena kale kuti sakufuna chisungidwe, ndiye musachijambule ndi foni ina.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa pa chikhalidwe chathu. Ambiri sitikonda kukana pamaso, makamaka kwa munthu wamkulu kapena amene watichitira zabwino. Mtsikana amene mwamusokera pa ngongole, kapena amene amakuitanani kuti anti, avomera ngakhale mtima ukukana. Choncho musapemphe munthu amene sanamalize kulipira, ndipo musapemphe pagulu m'shopu anthu ena akumva. Kumupatsa mwayi wodula nkhope kumathandizanso, chifukwa amapeza njira yokanira mbali ina popanda kukukhumudwitsani.

Akavomera pakamwa kapena pa foni, tsatizani ndi uthenga: "Monga tinakambirana, ndiika chithunzi ichi pa Status pokha, nkhope osaoneka. Ndi choncho?" Akayankha, jambulani sikirinishoti ya zokambiranazo n'kuisunga. Izi n'zofunika kwambiri ngati kasitomalayo anatchera Disappearing messages, chifukwa mauthenga amafufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndipo chilolezo chija chimapita nawo limodzi.

5. Onani wina aliyense ndi china chilichonse chimene chili pa chithunzi

Tiyerekeze kuti mwasokera mayi wina diresi ya chitenje yoti akavale pa chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wake. Lolemba akutumizirani zithunzi zitatu, ndipo avomera kuti muike pa Status ndi pa Facebook, nkhope ikuoneka. Choyamba ali yekha pakhomo pa nyumba yake asananyamuke. Chachiwiri ali pamodzi ndi mkwatibwi ndi kamtsikana konyamula maluwa. Chachitatu n'chokongola kuposa zonse, ndipo pakona pake pali dzina la wojambula amene analembedwa ntchito pa mwambowo.

Choyamba chija chilolezo chake chakwana, koma chikulitseni muone kumbuyo. Ngati pakuoneka nambala ya nyumba, nambala ya galimoto, kapena chikwangwani cha sitolo yoyandikana nayo, dulani. Simukufuna kuti munthu wachilendo adziwe pomwe mayiyu amakhala.

Chachiwiri chili ndi anthu atatu, ndipo amene wavomera ndi mmodzi. Mayiyo sangavomerere mkwatibwi, ngakhale ndi mwana wa mchemwali wake. Mkwatibwi afunsidwe yekha. Kamtsikana kaja ndi mwana, ndipo ku Malawi aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho wovomera ndi kholo kapena womulera. Ine ndimaona kuti njira yabwino ndi kudula chithunzi kuti atsale kasitomala yekha, ndipo ngati sichikuduka bwino, kungochisiya. Ngakhale pamene mwasoka zovala za ana ndipo kholo lavomera, onetsani chovala popanda nkhope, musatchule dzina la mwana, ndipo baji ya sukulu pa yunifolomu isaoneke. Dzina, nkhope ndi sukulu zikakhala pamodzi, munthu wa zolinga zoipa wapeza zonse zofunika kuti amufikire mwanayo.

Chachitatu chili ndi eni awiri. Nkhope ndi ya kasitomala, koma chithunzi monga ntchito ya luso chimatetezedwa ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limagwira nalo ntchito. Kuti ufulu wochigwiritsa ntchito pa malonda uli ndi wojambula kapena ndi amene anamulemba ntchito zimatengera mgwirizano wawo, womwe inu simunauone. Njira yosavuta ndi kupempha nambala ya wojambulayo n'kumufunsa. Ambiri amavomera mukalonjeza kutchula dzina lawo, poti nawonso mukuwatsatsira malonda. Cholakwika chachikulu ndi kudula dzina lake pakona paja n'kuikapo chizindikiro cha shopu yanu. Inunso zimakupwetekani telala wina akatenga chithunzi cha diresi yanu n'kunena kuti wasoka ndi iye.

Pa zithunzi zitatu zija, ndiye kuti choyamba chikhoza kuikidwa lero mutadula kumbuyo, chachitatu chidikire yankho la wojambula, chachiwiri mwina chitsale mu foni.

6. Yeretsani sikirinishoti musanaiike

Ndemanga zambiri kwathu kuno zimabwera pa WhatsApp, ndipo timaziika ngati sikirinishoti. Mawu a munthu amafunanso chilolezo monga chithunzi, ndiye funsani kuti, "Ndingaonetse anthu mawu anuwa popanda dzina?" Akavomera, onani pamwamba pa sikirinishotiyo. Pamakhala dzina kapena nambala yake ndi kachithunzi kake. Onaninso mauthenga a m'mwamba ndi m'munsi, momwe mumapezeka miyezo ya thupi lake, mtengo umene munagwirizana, ngakhale pempho loti amalize kulipira kumapeto kwa mwezi.

Kudula n'kodalirika kuposa kupaka utoto. Zopakira zina za mu foni zimakhala zoonekera mkati, moti munthu akawonjezera kuwala amawerenga nambala yonse. Dulani kuti utsale uthenga woyamikira wokhawo. Uthenga wotsimikiza malipiro wa Airtel Money kapena Mpamba musauike n'komwe ngati umboni woti anthu akukugulani. Uthenga wotere umanyamula zinthu monga dzina, nambala ndi kuchuluka kwa ndalama, zomwe ndi zimene akuba a pa foni amafuna kuti amuimbire munthu ngati akumudziwa.

7. Ikani zoona, ndipo dandaulo muliyankhe bwino

Mawu a kasitomala musawakometse. Akalemba kuti "Diresi ndi yabwino ngakhale munachedwa nayo masiku awiri", musadule theka lachiwirilo n'kuonetsa ngati anayamikira zonse. Ikani yonse, kapena musaike. Pa chithunzi mukhoza kuwonjezera kuwala pang'ono ngati chinali chamdima, koma musayeretse khungu la munthu kapena kumuchepetsa mimba. Kutero n'kumuuza kuti mmene alili sakukwanira, komanso n'kunamiza ogula za mmene chovala chimakhalira. Samalaninso kuti mtundu wa nsalu usasinthe, poti wina adzaitanitsa chitenje chobiriwira chimene anaona n'kulandira china.

Mukaika, bwererani kukawerenga zimene anthu akulemba pansi pake. Wina akayamba kunyoza thupi la kasitomala wanu kapena kupempha nambala yake, fufutani mawuwo msanga. Munamuika poyera ndinu, ndiye kumuteteza ndi udindo wanu. Nambala yake musapatse munthu aliyense, ngakhale wonena kuti akungofuna kufunsa za ntchito yanu.

Munthu akadandaula poyera pa tsamba lanu, ndipo dandaulolo ndi loona, musalifufute. Yankhani mwachidule kuti mwamva, pepesani, ndipo mupempheni abwere nacho chovalacho mudzakonze. Zotsalazo kambiranani kumbali. Musatulutse sikirinishoti ya zokambirana zanu pofuna kuonetsa kuti wolakwa ndi iye, ndipo musatchule za ngongole yake pagulu. Owerenga amayang'ana kwambiri mmene mwayankhira kuposa dandaulo lenilenilo.

8. Sungani kaundula, ndipo chotsani mukauzidwa

Patulani masamba angapo kumapeto kwa kope lanu la miyezo. Pa munthu aliyense lembani dzina, tsiku limene anavomera, chithunzi chake, malo amene anavomera, ngati nkhope ioneke, ndi malo onse amene mwaikadi. Ngati muli ndi wothandizira amene amaika zinthu pa tsamba la shopu, lamulo likhale lakuti chithunzi chimene sichili m'kopemo sichiikidwa. Chithunzi chikapitirira chaka ndipo mukufuna kuchibwezanso, funsaninso, chifukwa pa chaka zambiri zimasintha. Ukwati umene munasokera zovala mwina unatha, ndipo munthu amene ali pa chithunzi mwina anatisiya, moti abale angapwetekedwe mtima kumuona akutsatsa malonda.

Kasitomala akati muchotse, musafunse chifukwa ndipo musamukumbutse za mphatso ija. Tsegulani kope, onani malo onse amene munaika, chotsani tsiku lomwelo, kuphatikizapo zimene munalipira kuti zizionetsedwa ndi za mu Catalog ya WhatsApp Business, kenako mudziwitseni kuti mwachotsa. Muuzeninso zoona kuti ngati wina anakopera chithunzicho chisanachotsedwe, inu simungathe kuchifufuta mu foni ya munthuyo, koma mukachiona pa tsamba la wina mudzamuuza achotse ndipo akakana mudzadandaula ku Facebook podina Report. Za chikwangwani chosindikizidwa, gwirizanani tsiku lenileni limene mudzachitsitse, ndipo podikira tsikulo matani pepala pa nkhopeyo.